Mkokomo mumtima mwa kagalu ku Nchenachena: wodikira ndi wosadikira

Galu wa ku Nchenachena, m'munsi mwa mapiri a Nyika, sakumana ndi sitetesikopu kawirikawiri. Akakumana nayo, kumakhala pa tsiku la katemera wa chiwewe, pamene alangizi a ziweto ali ndi mzere wa agalu owuwa, ana a sukulu atagwira zingwe, ndipo wina akufunsa za mbuzi yake. M'phokoso limenelo mlangizi amaika chitsulo pachifuwa cha kagalu, ntchewe monga anenera eni dera, n'kumva kuti pakati pa kugunda kuwiri kwa mtima pali kaphokoso kena, konga madzi akudutsa pamalo opanikiza m'ngalande ya kudimba. Uwu ndiwo mkokomo wa mtima. Funso lotsatira n'lolemera kwa munthu amene ndalama zake zimadikira khofi kapena fodya: kodi kagaluka kapite kumzinda kukaunikidwa mtima ndi makina a eko, kapena tikasiye kakule?

Mtima wabwino umamveka mawu awiri, "du" ndi "da". Loyamba ndi kutsekeka kwa zitseko za pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi pamene mtima wayamba kufinya magazi. Lachiwiri ndi kutsekeka kwa zitseko za mitsempha iwiri ikuluikulu, wopita kumapapo ndi wopita kuthupi lonse, pamene wamaliza. Magazi oyenda bwino samveka. Amayamba kukokoma akathamanga kwambiri, akadutsa pamalo opanikiza, akabwerera pa chitseko chodontha, kapena akasungunuka n'kukhala amadzimadzi. Chomalizachi tichisunge, chifukwa kumudzi ndicho chimasokoneza kwambiri.

Kukweza kwa mkokomo kumayezedwa pa magiredi asanu ndi limodzi. Muyeso umenewu unachokera kwa madokotala a anthu: Samuel Levine wa ku Boston, pamodzi ndi mnzake Freeman, anaulemba mu 1933, ndipo madokotala a ziweto anautengera. Giredi 1 ndi kamkokomo kamene sumakamva msanga. Uyenera kukhala pamalo achete, kumvetsera kwakanthawi, ndipo kamapezeka pamalo amodzi okha. Giredi 2 ndi kapansipansi ndithu, koma ukangoika sitetesikopu pamalo pake umakamva. Giredi 3 imafanana kukweza ndi "du" ndi "da" wa mtima womwewo. Giredi 4 imaposa mawu a mtima ndipo imafalikira mpaka mbali inayo ya chifuwa, koma dzanja silimva kanthu. Pa giredi 5 chikhatho chimamva chifuwa chikunjenjemera, monga mmene chimamvekera chifuwa cha mphaka akamalirira kukhosi posisitidwa. Pa giredi 6 mkokomo umamvekabe ngakhale utanyamula chitsulocho pang'ono kuchoka pakhungu. Pa kadi zimalembedwa chonchi: II/VI, kapena V/VI.

Tinene zoona, alangizi awiri akamvetsera galu mmodzi, wina anena 3, wina 4, ndipo onse sanalakwe kwenikweni. Kagalu kowonda ka chifuwa chopyapyala kamakweza mkokomo, konenepa kamaubisa, kamantha kamathamangitsa mtima n'kuukulitsa. N'chifukwa chake akatswiri ena a mtima wa agalu amachepetsa magawowa kukhala anayi: wapansipansi, wapakati, wokweza, ndi wonjenjemeretsa. Ine ndimagwirizana nawo. Malire amene ali ndi ntchito ndi awiri okha. Oyamba: kodi mkokomowo ndi wapansi kuposa mawu a mtima, kapena ukufanana nawo ndi kuwaposa? Achiwiri: kodi dzanja likumva kunjenjemera? Malire achiwiriwa safuna n'komwe sitetesikopu. Mwini galu aliyense angathe kuika zikhatho zake mbali zonse za chifuwa, zala zitalowa m'khwapa, n'kumva yekha.

Komabe nambala ya giredi imangonena kukweza kwa phokoso. Sinena dzina la matenda, ndipo si nthawi zonse pamene imanena kuopsa kwake. Kabowo kakang'ono pa khoma logawa zipinda ziwiri zam'munsi kamachita phokoso lalikulu chifukwa magazi amapanikizika podutsa, ndipo galu wotere angathe kukalamba osadwala. Bowo lalikulu pa khoma lomwelo lingamveke pang'ono, koma likuwononga mapapo. Kumene giredi imayenderana bwino ndi kukula kwa vuto ndi pa zitseko zopanikiza za mitsempha ikuluikulu: mkokomo wapansipansi nthawi zambiri umasonyeza kupanikiza kochepa, wonjenjemeretsa umasonyeza kwakukulu. Choncho pambali pa giredi payenera kulembedwa zinthu zina ziwiri: nthawi imene mkokomo ukumveka, ndi malo amene ukukwera kwambiri.

Nthawi imavuta kuimva chifukwa mtima wa kagalu kamantha umatha kugunda kufika ka 200 pa mphindi. Njira yake ndi kuika chala m'kati mwa ntchafu, pa mtsempha waukulu wa mwendo wakumbuyo, khutu lili pachifuwa. Mkokomo wobwera limodzi ndi kugunda kwa pachala ndi wa nthawi yofinya, pakati pa "du" ndi "da". Womveka pambuyo pa "da" wokha ndi wa nthawi imene mtima ukudzaza, ndipo umenewu ngwosowa koma sukhala wachabe. Ndiye pali wosalekeza, umene umakwera kufika pa "da", kumumeza, n'kupitirira osapuma, ngati chigayo chimene sichinazimitsidwe.

Malo amapezeka powerenga mipata ya nthiti, galu ataimirira. Kumanzere, kuseri kwa chigongono, pa mpata wachisanu, m'pamene nsonga ya mtima imagunda. Ukasuntha chakutsogolo ndi m'mwamba pang'ono, pa mpata wachinayi ndi wachitatu, wafika patsinde la mtima, pamene patulukira mitsempha ikuluikulu. Kumanja nako kuyenera kumvedwa, makamaka chakutsogolo pafupi ndi fupa lapachifuwa, chifukwa bowo la pakhoma lija limakwera kumeneko. Cholakwa chimene chimachitika kwambiri ndi kumvetsera kuseri kwa chigongono kokha, pamene mtima ukumveka bwino, n'kunena kuti zonse zili bwino. Sitetesikopu iyenera kukankhidwa mpaka m'khwapa lakumanzere, mwendo utakokeredwa kutsogolo. Ndipo kagalu kowefuka sikamvetsereka: mpweya wake ndi ubweya wokhudza chitsulo zimanamiza. Kachotseni pamzere, mupite nako kuseri kwa nyumba, mukatseke kukamwa pang'ono kwa masekondi ochepa.

Pali mkokomo umene si matenda, ndipo ngwofala mwa tiagalu. Uli ndi maonekedwe ake: giredi 1 kapena 2, waufupi, womveka kumayambiriro kwa kufinya n'kutha "da" asanafike, wokwera patsinde la mtima kumanzere, wosafalikira kumanja, ndipo umasintha kapena kusowa kagalu kakadekha. Kagaluko kamakhala kakukula mofanana ndi abale ake. Mkokomo wotere umatha wokha, nthawi zambiri pofika miyezi inayi, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi uyenera kukhala utapita. Ofufuza a ku yunivesite ya Utrecht, ku Netherlands, anapeza kuti tiagalu ta mkokomo wotere timakhala ndi magazi ochepa mphamvu poyerekeza ndi tina topanda mkokomo. Ngati zili choncho kwa tiagalu ta ku Ulaya todya bwino, nanga kwa kagalu kogona pa dothi lachinyezi la m'chigwa cha Henga, koyamwa kwa mayi wodzala njoka zam'mimba, kokhala ndi utitiri ndi nkhupakupa m'makutu? Njoka zoyamwa magazi m'matumbo zimalowa mwa kagalu kudzera mu mkaka wa mayi, ndipo pofika masabata atatu zimakhala zitayamba kale ntchito. Nkhupakupa nazo zimapatsira tizilombo ta babesiya tophwanya magazi. Ndiye kuno, musanaganize za eko, tukulani mlomo muone nkhama.

Tiyerekeze kuti bambo wina watsika kuchokera ku mapiri a Phoka ndi tiagalu tiwiri ta mayi mmodzi, ta masabata khumi. Kamphongo n'kowonda, mimba yotupa, ubweya woyoyoka, kolemera makilogalamu anayi. Kakakazi n'konenepa, kosewera, ndipo ndi kamene mwini wake akunyadira. Pa kamphongo mlangizi akumva II/VI, waufupi, patsinde kumanzere. Nkhama zake n'zotuwa ngati mkati mwa chinangwa, ndipo mwini akuvomera kuti chimbudzi chake chimakhala chakuda. Kukanakhala kotheka kuyeza magazi pa kachubu kozunguza, muyeso wotchedwa PCV, mwina ukanaonetsa 18 pa 100. Galu wamkulu amakhala pakati pa 37 ndi 55, tiagalu timakhala pansi pa pamenepo, koma 18 ndi wochepa ndithu, wokwanira kubweretsa mkokomo mumtima wopanda chilema. Kagalu aka sikafunika ulendo. Kafunika mankhwala a njoka, mwachitsanzo fenibendazo, mamiligalamu 50 pa kilogalamu iliyonse kwa masiku atatu, kutanthauza mamiligalamu 200 patsiku, kubwereza pakapita masabata awiri. Kuchotsa utitiri ndi nkhupakupa ndi mankhwala oyenera msinkhu wake. Ndi chakudya choposa nsima yotsala, monga usipa, dzira kapena chiwindi. Ngati kakutentha thupi ndipo mkodzo wake ndi wofiirira, pamenepo mlangizi aganize za babesiya ndi kuona dontho la magazi pa galasi. Pakapita masabata atatu kapena anayi amvetserenso. Nkhama zikafiira mkokomo n'kutha, nkhani yatha. Nkhama zikafiira koma mkokomo ulipobe kapena wakula, ndiye kuti kuchepa kwa magazi kunali kungophimba china.

Tsopano kakakazi kaja. Kuseri kwa chigongono mtima ukumveka ngati wabwino, mwina ndi kamkokomo pang'ono. Koma chikhatho chikalowa m'khwapa lakumanzere chikumva kunjenjemera, ndipo sitetesikopu pamenepo ikumva chigayo chosazima: V/VI, wosalekeza. Pantchafu mtsempha ukudumpha mwamphamvu n'kuphwa msanga. Nkhama n'zofiira bwino. "Adada," akutero mlangizi, "amene akufunika dokotala wamkulu ndi uyu, osati wowondayu." Bamboyo sangakhulupirire msanga, ndipo ndani angamunene? Galu akudya, akuthamanga.

Zizindikiro zimenezi zimaloza chinthu chimodzi. Mwana ali m'mimba mapapo ake sagwira ntchito, choncho pamakhala kamtsempha kachidule kolumikiza mtsempha wa kumapapo ndi wa kuthupi. Kamayenera kutsekeka m'masiku oyamba akabadwa. Kakapanda kutero, magazi amatayikira kumapapo nthawi zonse, mtima ukufinya ndi pamene ukudzaza pomwe, ndipo mbali yakumanzere imalandira katundu wobwereza mpaka kufutukuka n'kutopa, madzi n'kudzaza m'mapapo. Pa kadi amalemba PDA, ndipo vutoli limagwira agalu aakazi kuposa aamuna. Kafukufuku wakale anapeza kuti oposa theka la agalu osathandizidwa amafa chaka chisanathe kuchokera pamene vutoli lapezeka. Chimene chimandipweteka n'chakuti mwa zilema zonse za mtima, ichi ndicho chimachiritsika kotheratu: dokotala amatsegula chifuwa kumanzere pa mpata wachinayi wa nthiti, n'kumanga kamtsemphako ndi ulusi, ndipo galu wothandizidwa msanga amakhala moyo wake wonse ngati anzake. Kunena kuti "tiyeni tione akakula" kwa kagalu kotere ndiko kutaya miyezi imene opaleshoni ikanayenda bwino.

Kuchokera pa tiagalu tiwiriti, mzere wa eko ukuoneka. Mkokomo wosalekeza, kapena wa nthawi yodzaza, ufunika eko pa giredi iliyonse. Wa nthawi yofinya ukafika giredi 3 kupita m'mwamba ufunika eko, ndipo wonjenjemeretsa usadikire n'komwe. Wokwera kumanja, kapena pa nsonga ya mtima kumanzere m'malo mwa patsinde, suli m'gulu la mikokomo yachabe ngakhale utakhala wapansipansi. Uliwonse umene ulipobe pa miyezi isanu ndi umodzi, kapena umene ukukula m'malo mochepa, ufunika eko. Ndipo thupi likayamba kulankhula, giredi ilibenso ntchito: kagalu kotsalira kukula pakati pa abale ake, kokomoka pothamanga, kopuma movutika, ka nkhama kapena lilime lobiriwira, ka mimba yodzala madzi, ka mtima wodumphadumpha. Malangizo amene gulu la akatswiri a mtima wa ziweto linasindikiza ku America mu 2015, lotsogozedwa ndi Etienne Côté, amayenda m'njira yomweyi.

Kumene kuli kovuta ndi pakati. Giredi 3 patsinde kumanzere, mwa kagalu ka magazi ochepa: apa ine ndinganene kuti chizani magazi kaye, mumvetserenso pakapita masabata atatu, koma tsikulo lilembedwe, lisakhale "mudzabwere". Chovuta china ndi kupanikiza kwa pansi pa chitseko cha mtsempha wopita kuthupi. Chilema ichi chimakula pamodzi ndi galu. Pa masabata asanu ndi atatu chingamveke ngati kamkokomo kachabe, giredi 1 kapena 2, pamalo omwewo. Pa chaka chimodzi chili pa 4, mtsempha wa pantchafu ukugunda mofooka, ndipo galu angagwe n'kufa akuthamangitsa anyani m'munda. Chimakonda agalu aakulu a mitundu monga rotiweila, bokisa ndi jemani shepadi, amene anthu amagula ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuti azilondera. Choncho kwa kagalu ka mtundu wotere, kamkokomo kapansipansi sikapatsidwa chikhululuko chofanana ndi ka galu wa makolo wa m'mudzi. Kamvedwe pa miyezi inayi, pa isanu ndi umodzi, ndiponso pa chaka. Ndipo wogula kagalu kodula achite bwino kupempha kuti mtima wake umvetseredwe asanapereke ndalama.

Nanga eko imaonjezera chiyani chimene khutu silingathe? Imaonetsa zipinda, makoma ndi zitseko zikuyenda, koma chachikulu ndi gawo lake lotchedwa Dopla, limene limayeza liwiro la magazi. Kupanikiza kwa chitseko cha kumapapo ndi kwa chitseko cha kuthupi kumamveka pafupifupi pamalo amodzi. Khutu lingaganize, koma silingagamule. Eko imasiyanitsa ziwirizi, ndipo kuchokera pa liwiro imawerengera mphamvu imene mtima ukulimbana nayo, ndi lamulo ili: ΔP = 4V². Magazi otuluka mumtima wabwino sapitirira kwenikweni mamita awiri pa sekondi. Akamadutsa pa mamita atatu, 4 × 3 × 3 ndi 36 mmHg, kupanikiza kochepa, ndipo galu wotere nthawi zambiri safuna mankhwala. Pa mamita asanu, 4 × 5 × 5 ndi 100 mmHg. Pansi pa 50 ndi pang'ono, 50 mpaka 80 ndi pakati, kupitirira 80 n'koopsa. Taonani kuti liwiro langokwera ndi mamita awiri, koma katundu wa mtima wawirikiza pafupifupi katatu. Ngati chopanikiza ndi chitseko cha kumapapo, pali njira yochifutukula ndi kabaluni kolowetsedwa mumtsempha, ntchito ya zipatala za akatswiri monga za ku South Africa, kumene kuli sukulu ya Onderstepoort ya yunivesite ya Pretoria. Ngati ndi cha kuthupi, chimene chimatsala nthawi zambiri ndi mankhwala odekhetsa mtima monga atenololo, ndi kuchepetsa ntchito yolemetsa.

Apa m'pofunika kusamala ndi mawu akuti sikani. Makina ounikira bere la ng'ombe kapena la galu angaonetse kuti chipinda china chafutukuka, koma popanda Dopla yoyeza liwiro lalikulu, ndi kamutu kakang'ono kolowa pakati pa nthiti, sangapereke nambala zija. Ekisire imaonetsa kukula kwa mtima ndi madzi m'mapapo, koma sitchula chilema. Kuchokera ku Nchenachena kudzera pa Mzuzu kukafika ku Lilongwe, kumene kuli chipatala cha LSPCA, madokotala oima paokha, ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya LUANAR ku Bunda, ndi makilomita oposa 400. Munthu asakwere galimoto ndi kagalu m'katoni asanaimbe foni. Mlangizi afunse m'malo mwake mafunso awiri: kodi muli ndi eko ya Dopla ndi munthu wozolowera kuunika mtima wa galu? Ndipo mukapeza PDA, kodi alipo wotsegula chifuwa, ndi zipangizo zopumitsira galu pa nthawi ya opaleshoni? Kalata imene apite nayo inene msinkhu, kulemera, giredi, nthawi, malo, kugunda kwa pantchafu ndi mtundu wa nkhama. Mzere umodzi wolembedwa bwino, monga "V/VI, wosalekeza, m'khwapa lakumanzere, masabata 10", umauza dokotala wakutali zambiri kuposa mawu akuti "ali ndi vuto la mtima".

Tisabise kuti mabanja ambiri, atamva mtengo wa ulendo ndi wa opaleshoni, adzanena kuti sizitheka, ndipo palibe chifukwa chowachititsa manyazi. Ngakhale zitatero, kumvetsera kuja sikunapite pachabe. Galu wa mkokomo wokweza asabereketsedwe, ndipo mayi ndi bambo ake asakwatitsidwenso, chifukwa zilema zambiri za mtima zimayenda m'mtundu. Asatengedwe kokasaka kapena kuthamangira njinga pa zitunda za Phoka. Aliyense wofuna kumugonetsa ndi mankhwala, kaya pofula kaya posoka bala, auzidwe kaye. Katemera wa chiwewe alandire monga anzake. Mkokomo si chifukwa chomudumphira. Ndipo mwini aphunzire kuwerenga kapumidwe galu ali m'tulo: kukwera ndi kutsika kwa chifuwa ndi kamodzi, awerenge kwa masekondi 30 n'kuwirikiza kawiri. Galu wabwino wogona amapuma kosafika ka 30 pa mphindi. Nambala ikayamba kukhala pa 40 usiku ndi usiku, madzi ayamba kulowa m'mapapo, ndipo yakwana nthawi yoti dokotala ayambe mankhwala okodzetsa monga furosemaidi, amene amapepuza kupuma ngakhale kuti kamtsempha kaja sakatseka.

Chenjezo lomaliza likhudza kakakazi kaja. Zimachitika mwa ochepa kuti mitsempha ya m'mapapo imauma chifukwa cha magazi ochuluka, mphamvu ya kumeneko n'kukwera mpaka magazi ayamba kuyenda chobwerera m'kamtsemphako. Zikatero chigayo chija chimazima. Mwini angasangalale kuti mkokomo watha, koma galu amayamba kufooka miyendo yakumbuyo akathamanga, n'kumakhala pansi, nkhama zili zofiira koma kumaliseche kuli kobiriwira, chifukwa magazi opanda mpweya akupita kumbuyo kwa thupi kokha. Pofika apo kamtsemphako sikamangikanso. Kukamanga n'kupha galuyo. Kamkokomo ka giredi 2 kakasowa pa miyezi inayi, lembani kuti kachira. Wa giredi 5 ukasowa, tukulani mchira muone mtundu wa khungu la pansi pake.